Kutcha dzina mwana ali m'mimba: mmene akafukufuku amapezera mayina a ntchito zawo

Pakati pa 2014 ndi 2017, m'midzi ya ku Mangochi komanso m'madera ena a ku Niger ndi ku Tanzania munkafika alendo onyamula mabotolo a mankhwala. Ankabwera kawiri pa chaka, n'kumwetsa ana onse kuyambira wa mwezi umodzi mpaka amene sanakwanitse zaka zisanu, wodwala ndi wosadwala yemwe. M'midzi ina mankhwalawo anali azithiromayisini weniweni, m'midzi ina anali ongofanizira opanda mphamvu, ndipo maere ndi amene ankagamula kuti mudzi uwu ulandire ziti. Funso linali limodzi: kodi kumwetsa ana mankhwalawa mwachisawawa chonchi kungachepetse maliro a ana? Ana opitirira 190,000 analowa m'kaundula wa ntchitoyi.

Dzina la kafukufukuyu linali MORDOR. Amene anawerengapo mabuku a J.R.R. Tolkien, kapena kuonera mafilimu a The Lord of the Rings, akudziwa kuti Mordor ndi dziko la mdima ndi imfa, kwawo kwa mfumu yoipa imene chizindikiro chake ndi diso limodzi losaphethira. Ndiye inu, ntchito yofuna kupulumutsa ana n'kuitcha dzina limenelo? Poyamba ndinkaona ngati ndi chibwana cha anthu ophunzira. Nditaona chimene lembo lililonse likuimira ndinayamba kuganiza mwina, ndipo tibwererako kumapeto.

Dzina lotere ndi chidule chopangidwa potola malembo oyamba a mawu angapo n'kuwalumikiza kuti atuluke mawu amodzi otchulika. Ife si zachilendo. Palibe amene amavutika kutchula dzina lonse la ADMARC. Timangoti ku Adimaki, ndipo agogo kumudzi amadziwa kumene tikunena ngakhale sanamvepo chimene malembowo akuimira. MASAF inafika posanduka dzina la msewu ndi la ganyu yomwe. Akafukufuku nawonso amafuna zomwezo, ndipo chifukwa chawo choyamba ndi chomveka. Mutu weniweni wa kafukufuku umatha kudzaza mizere itatu, chifukwa umayenera kunena anthu amene akuyesedwa, chimene akuyesa, malo ake ndi njira yake. Mizere itatu singakwane pa kabotolo ka magazi kokhala ngati chala, pa katoni ya mufiriji, pa fomu imene namwino akulemba usiku, kapena pa chitseko cha galimoto. Pafunika mawu amodzi amene dalaivala, wa ku labu ndi pulofesa onse angatchule mofanana.

Koma pali chifukwa chachiwiri chimene eniake sachinena mokweza. Mu 2006 akatswiri atatu a ku Canada, a Stanbrook, a Austin ndi a Redelmeier, anafufuza malipoti 173 a kafukufuku wa matenda a mtima. Anapeza kuti kafukufuku amene ali ndi dzina lachidule amatchulidwa m'zolemba za akatswiri ena mowirikiza kawiri kuyerekeza ndi wopanda dzina lotere. Kwa munthu wa sayansi, kutchulidwa m'zolemba za anzake ndiye ndalama yake: kukwezedwa pa ntchito ndi thandizo la kafukufuku wotsatira zimadalira pamenepo. Choncho dzina ndi malonda, monga chikwangwani cha golosale. Vuto n'lakuti aliyense anazindikira zimenezi. Mu 2020 a Barnett ndi a Doubleday a ku Australia anasanthula mitu ya zolemba za sayansi yoposa 24 miliyoni, kuyambira 1950 mpaka 2019, ndipo anapezamo zidule zosiyanasiyana zoposa miliyoni imodzi. Pafupifupi zinayi mwa zisanu zilizonse zinagwiritsidwa ntchito kosakwana kakhumi. Zambiri zimabadwa n'kufa osamvekako kwina kulikonse.

Pamsika wodzaza chonchi, munthu amayamba kukuwa kuti amveke, ndipo apa m'pamene chilungamo chimayamba kutsimphina. Kutsimphina koyamba n'kochepa. Munthu amayamba wasankha mawu okoma amene akuwafuna, kenako n'kumakakamiza mutu wa kafukufuku kuti utulutse malembo ake. Taonani kafukufuku wotchuka wa ku Britain amene anayamba mu Malichi 2020 kuyesa mankhwala a Covid-19, wotchedwa RECOVERY. Dzina lonse ndi Randomised Evaluation of COVid-19 thERapY. Malembo R ndi E oyambawo ndi oyambadi, COV n'chiyambi cha dzina la matenda, koma E, R ndi Y omalizawo anachita kuwatola pakati ndi kumchira kwa mawu, ngati wosankha nyemba pa lichero. Mu 2014 akatswiri a ku Denmark analemba nkhani yoseka khalidweli m'magazini ya madokotala ya BMJ, akumapereka malikisi kwa mayina amene atsata malembo oyamba ndi kuchotsera amene abera. Ine kubera malembo kokhako sikundipweteka kwambiri. Choopsa chimabwera pamene mutu wa kafukufuku wawonjezeredwa mawu amene ntchitoyo siikuchita, kapena wachotsedwa mawu ofunika, n'cholinga choti malembo akwane. Mukaona mutu uli ndi mawu odzitama onga akuti "wamakono" kapena "wophatikiza zonse" amene sakuwonjezera kalikonse, kawirikawiri alowetsedwa kuti apereke lembo limodzi losowa.

Kutsimphina kwachiwiri ndiye nkhani yeniyeni. Kwathu kuno mwana amatchedwa dzina atabadwa, mchombo utagwa, potuluka m'chikuta. N'chifukwa chake mayina athu amanena zimene zachitika: Mavuto anabadwa pa mavuto, Chimwemwe anabweretsa chimwemwe pakhomo pamene panali patatha zaka popanda kulira kwa khanda. Kafukufuku alibe mwayi umenewo. Dzina lake limafunika pa tsiku lolemba kalata yopempha ndalama, chaka kapena zaka ziwiri munthu woyamba asanalembedwe m'kaundula, ndipo zotsatira zimadzabwera patapitanso zaka zina. Dzinalo likalowa m'kaundula wa padziko lonse monga ClinicalTrials.gov, likasindikizidwa pa mafomu a chilolezo ndi pa zikalata za komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, kulisintha ndi chintchito chimene palibe amachifuna. Ndiye wotcha dzina amakhala akutcha mwana amene ali m'mimba, ndipo mayesero ake ndi oti alembe m'dzinamo zimene mtima wake ukulakalaka.

Chitsanzo chowawa ndi FEAST, chidule cha Fluid Expansion As Supportive Therapy. Malembo ake ndi oyamba onse, palibe kubera. Kafukufukuyu anachitika m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania motsogozedwa ndi a Kathryn Maitland, pa ana ofika kuchipatala thupi litatentha kwambiri, magazi asakuyenda bwino m'thupi. M'mayiko olemera mwana wotere ankamuthira madzi ambiri a diripu mofulumira, ndipo pafupifupi aliyense ankakhulupirira kuti njirayi imapulumutsa. Dzina linanena chikhulupiriro chimenecho: mawu awiri omalizawo akutanthauza chithandizo chochirikiza wodwala, ndipo chidule chake m'Chingerezi ndi mawu otanthauza phwando. Mu Januwale 2011 kafukufukuyu anaimitsidwa asanathe, ana 3,141 atalowa kale. Mwa ana amene anathiridwa madzi mofulumira, oposa 10 pa 100 aliwonse anamwalira pasanathe maola 48, pamene mwa amene sanathiridwe motero anamwalira pafupifupi 7 pa 100.

Akafukufukuwo sanabise kanthu. Anatulutsa zotsatira zimene iwo eni sanaziyembekeze, ndipo ntchito yawo inachititsa madokotala kuunikanso mmene amathirira madzi ana odwalika. Ulemu wawo ndi waukulu. Koma dzina linatsala likunena zosiyana ndi zimene anapeza, ndipo lidzakhala choncho mpaka kalekale: phwando, pa ntchito imene inasonyeza kuti chithandizocho chinkawonjezera maliro.

Tsopano yerekezani ndi ntchito ina imene inachitika kwathu konkuno, ku Chikwawa ndi ku Karonga. Akatswiri ankaganiza, ndipo anali ndi zifukwa zabwino, kuti utsi wa nkhuni pa mafuwa ndi umodzi mwa magwero a chibayo cha ana. Anagawira mabanja a m'midzi ina mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kokupiza mphepo, zotulutsa utsi wochepa, pamodzi ndi sola yotchajira, pamene midzi ina inapitiriza kuphika monga mwa nthawi zonse. Anatsatira ana oposa 10,000 kwa zaka ziwiri. Zotsatira zitatuluka m'magazini ya The Lancet kumapeto kwa 2016, chibayo chinali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Dzina la ntchitoyi linali CAPS, kutanthauza Cooking And Pneumonia Study, ndiye kuti kafukufuku wa kaphikidwe ndi chibayo, basi. Dzinalo silinanene kuti mbaula zidzateteza, silinanene kuti utsi ndi wolakwa. Linangotchula zinthu ziwiri zimene zikuyang'anidwa. Mbaula zikanagwira ntchito, dzinali likanakhala loona. Sizinagwire, ndipo n'loonabe. Akanalitcha dzina lotanthauza mpweya wabwino kapena chitetezo, bwenzi lero likuwaseka.

Ndiye muyeso umene ndimaugwiritsa ntchito ndikamva dzina la kafukufuku ndi umenewu: ndimayerekeza kuti zotsatira zatuluka zokhumudwitsa, kapena zoipa kumene, n'kuliwerenganso dzinalo. Ngati likuchititsa manyazi, ndiye kuti linali kulengeza yankho m'malo monena funso.

Wina anganene kuti manyazi a pulofesa si nkhani yoti tigonere tulo. Zoona, koma pali munthu wina amene dzinali limamufika poyamba, zotsatira zisanabwere: wodwala amene akupemphedwa kusaina fomu. Lamulo la kafukufuku woyesa mankhwala limati munthu auzidwe mosapita m'mbali kuti sitikudziwa ngati chimene tikuyesachi chithandiza, kuti mwina agwera m'gulu lolandira mankhwala ongofanizira, ndiponso kuti akhoza kukana popanda kutaya chithandizo chake cha masiku onse. Tsopano pamwamba pa fomu yomweyo palembedwe ndi malembo akuluakulu mawu otanthauza chiyembekezo, kuchira, kupulumutsa kapena chozizwitsa. Mayina onsewa alipodi pa kafukufuku wa matenda a mtima: HOPE, CURE, SAVE, MIRACLE. Mu 2002 a Orlowski ndi a Christensen analemba m'magazini ya madokotala ya Chest kuti mayina otere akhoza kukhala njira yokakamiza wodwala mochenjera. Ndani angakane kulowa mu "chozizwitsa" mwana wake ali gone? Masamba asanu a fomu akunena kuti sitikudziwa, liwu limodzi pamwamba likunena kuti tikudziwa, ndipo munthu wa mantha amamva liwu limodzilo. Ngakhale RECOVERY, imene inachita zazikulu posonyeza mu Juni 2020 kuti dekisamethazoni amachepetsa imfa za odwala amene ali pa makina opumira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, inayesanso mankhwala angapo amene sanachiritse aliyense. Odwala amene analandira mankhwala amenewo nawonso anasaina pansi pa liwu lotanthauza kuchira.

Palinso msampha wina, wa dzina loona lembo ndi lembo koma lonena zina likatchulidwa. Ku Lilongwe kunachitika kafukufuku wofunika kwambiri wa amayi oyamwitsa amene ali ndi HIV, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010 n'kusonyeza kuti mayi akamamwa ma ARV, kapena khanda likamapatsidwa nevirapini, kachilombo sikapatsirana kwambiri kudzera m'bere. Dzina lake linali BAN: Breastfeeding, Antiretrovirals and Nutrition. N'loona ngati CAPS, limangotchula zinthu zitatu zimene zikufufuzidwa. Koma m'Chingerezi mawuwa amatanthauza kuletsa, ndipo ataikidwa pafupi ndi nkhani ya kuyamwitsa, wongomva pa wailesi akhoza kuganiza kuti akuletsa bere, pamene cholinga chinali kupeza njira yoti amayi ayamwitse mosaopa. Ndi chilema chaching'ono pa ntchito yabwino, koma chikuonetsa kuti dzina liyenera kuyesedwa ndi khutu, osati ndi diso lokha.

Tiyeni tiyese kutcha lathu. Tiyerekeze kuti gulu la alangizi ndi ophunzira za ulimi likufuna kuona ngati chimanga chobzalidwa pansi pa mitengo ya nsangu chimabereka kuposa cha pamtetete, m'minda ya alimi ang'onoang'ono, kwa zaka zitatu. Chifukwa choganizira zimenezi chilipo: nsangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba chimanga, ndipo masambawo amawonjezera chonde m'nthaka. Pamsonkhano woyamba wina adzaimirira ndithu n'kunena kuti ntchitoyi itchedwe MWANAALIRENJI, ndipo anthu adzaomba m'manja. Akatero ayamba kusaka mawu khumi ndi atatu oti akwaniritse malembowo, n'kulowetsamo "luso", "ndondomeko" ndi zina zimene palibe akuziyeza. Dzinalo lalonjeza kale nkhokwe zosefukira. Mvula ikadula chaka chachiwiri, kapena kusiyana kukapezeka kochepa, mlimi amene anapereka munda wake adzafunsa kuti mwanaalirenji uja ali kuti, ndipo adzakhala akufunsa zoona.

Njira yabwino imayambira kwina. Poyamba lembani funso m'chiganizo chimodzi chimene mlimi angamve: kodi nsangu umasintha zokolola za chimanga? Taonani kuti ndati "umasintha", sindinati "umachulukitsa". Kenako chotsani mawu onse amene angapezeke m'kafukufuku wina aliyense, mutsale ndi mayina a zinthu zimene popanda izo ntchitoyi si imeneyi. Apa zatsala ziwiri, nsangu ndi chimanga. Dzina lichokere pa zimenezo.

Pamenepa Chichewa chili ndi nzeru yakeyake. Lilime lathu limayenda ndi maphatikizo othera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake ADMARC tinaiwongola kukhala Adimaki. Mukatola malembo okhaokha, "Kafukufuku wa Nsangu ndi Chimanga" atuluka KNC, chimene si mawu ndipo mawa chiiwalika. Tolani maphatikizo. KA, NSA, CHI: KANSACHI. Litchuleni mokweza, ndipo mumva vuto lake nthawi yomweyo, chifukwa khutu likumva khansa. Gulu lofika m'mudzi ndi zida zokumbira dothi likunena kuti ndife a Kansachi lisadabwe likapeza anthu atatseka zitseko. Si nthabwala yokha ayi. Tonse tikukumbuka 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ndi zachitukuko anayamba kuopa kulowa m'midzi ina. Mlendo wonyamula zida zosadziwika safunika dzina lowonjezera chikayiko.

Tembenuzani: KACHINSA. Khansa yachoka, koma anyamata a pa sitolo sachedwa kulisandutsa kachasu. Chotsani KA, popeza aliyense akudziwa kale kuti ndi kafukufuku, mutsala ndi CHINSA, chimanga ndi nsangu. Maphatikizo awiri, losavuta pa foni, lokwana pa thumba la dothi lopita ku labu. Wa ku Lilongwe akumbukira Chinsapo, koma palibe choipa pamenepo. Sililonjeza kanthu, ndipo zokolola zikachuluka, zikachepa kapena zikafanana, likhalabe loona.

Zatsala ntchito ziwiri zotopetsa zimene ambiri amazidumpha. Yoyamba ndi kulifufuza dzinalo pa intaneti ndi m'makaundula a kafukufuku, kuona ngati wina sanalitenge kale. Mayina okoma a Chingerezi onga HEART ndi SMART agwiritsidwa ntchito ndi magulu ambiri osadziwana, moti wofuna lipoti lanu amapeza la wina. Yachiwiri ndi kulitchula pamaso pa anthu a zilankhulo zonse za kumene ntchito ikachitikire. Mawu osalakwa m'Chichewa akhoza kukhala chitukwano kapena choseketsa m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena kapena m'Chilhomwe, ndipo amene angakuuzeni ndi mlangizi wa kuderalo, osati mnzanu wa mu ofesi. Muganizirenso za mawa. Mukaika dzina la boma kapena la mbewu imodzi m'chidule, ntchito ikadzakula n'kufika ku maboma ena kapena kuyamba kuyeza mapira, dzinalo lidzakhala likunama mosafuna. Zikatero ndi bwino kutcha gawo latsopanolo dzina lakelake kusiyana ndi kukoka lakalelo ngati legeni.

Tibwerere ku Mangochi. MORDOR ndi chidule cha Chifalansa, chilankhulo chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri m'maofesi a ku Niger: Macrolides Oraux pour Réduire les Décès avec un Oeil sur la Résistance. M'Chichewa tingati mankhwala akumwa a mtundu wa azithiromayisini ofuna kuchepetsa imfa, diso lili pa kupima kwa tizilombo. Malembo onse asanu ndi limodzi ndi oyamba a mawu, palibe lotoledwa pakati. Ndipo diso lija la m'buku la Tolkien ndi ili lapezeka m'dzinamu, pamalo amene ndi ovuta kukhulupirira kuti linangogwerapo mwangozi.

Chimene chinandigonjetsa ndi theka lachiwirilo. Choopsa chachikulu pomwetsa ana onse mankhwala opha tizilombo n'chakuti tizilombo timazolowera, timapima, ndipo tsiku limene mwana adzadwaladi mankhwalawo sagwiranso. Otcha dzina anatenga choopsa chimenechi, chimene wamalonda akanachibisa kumasamba a kumapeto, n'kuchiika m'dzina lenilenilo. Ndipo anachitadi zimene dzina linanena. Zotsatira za mu 2018 zinasonyeza kuti imfa za ana zinatsika ndi 13.5 peresenti mayiko atatuwo akaphatikizidwa, koma phindu lalikulu linali ku Niger, 18 peresenti, pamene ku Malawi kunali pafupifupi 6 peresenti ndipo ku Tanzania 3, ziwerengero zochepa moti pazokha sizikanatsimikizira kanthu. Kenako anatulutsanso lipoti losonyeza kuti m'midzi ya ku Niger imene inalandira mankhwala enieni, tizilombo tosamva mankhwala a mtunduwu tinachuluka. Dzina linali ndi malo a nkhani zonse ziwiri, yokoma ndi yowawa.

Sindikunena kuti n'langwiro. Nthabwala yake ndi ya anthu a m'mayunivesite a kutali. Mayi wa ku Mangochi amene anatsegula kamwa la mwana wake sanauzidwe nayo kanthu ndi liwu limenelo, ndipo akanadziwa kuti ndi dzina la dziko la imfa sindikhulupirira kuti akanaseka. Ndikanakhala pa komiti yovomereza, ndikanafunsa kuti kumudzi ntchitoyi azikaitchula chiyani. Koma pa mlandu wa kunama, MORDOR ndi wosalakwa, ndipo anthu a zaumoyo amalikumbukira mpaka lero.

Pomaliza pali ntchito ina imene Lilongwe ndi Blantyre anatengapo mbali, pamodzi ndi malo ena m'mayiko asanu ndi anayi. Inatsatira mabanja 1,763 amene mmodzi anali ndi HIV wina alibe, ndipo mu 2011 inasonyeza kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana kachilombo ndi 96 peresenti. Magazini ya Science inaitcha chotulukira chachikulu cha chaka chimenecho, ndipo mfundo yoti mankhwala ndi chitetezo chomwe inakhazikika kuchokera pamenepo. Dzina lake ndi HPTN 052: malembo anayi a gulu limene linaiyendetsa, ndi nambala ya m'kaundula wawo.